Za Madzi Ogona m'Ndowa, ndi Zimene Moto Ungathe

Funso limene ndifuna kuti tiliganizire pamodzi mwezi uno ndi ili: madzi akumwa amene akhala m'ndowa yosavundikira masiku atatu kapena anayi, kodi tikawawiritsa akhalanso abwino? Funso limeneli ndalimva kawirikawiri pa misonkhano ya mphakati, makamaka nyengo ya dzinja, pamene mijigo ithyoka ndi mipopi iuma, ndipo anthu atunga madzi ambiri nthawi imodzi nawasunga. Ena ati madzi ogona ndi oipa ndithu, ayenera kutayidwa. Ena ati moto uyeretsa zonse, palibe choopa. Ine ndiona kuti onse awiri ali ndi mbali ya choonadi, koma palibe amene ali nacho chonse. Moto upha zamoyo zonse zodwalitsa zimene zalowa m'madzi, ngakhale madziwo agone masiku angati. Koma moto suchotsa mankhwala aululu, ndiponso suteteza madzi atazizira. Mawu atatu amenewa ndiwo nkhani yanga yonse, ndipo ndifuna kuwalongosola limodzi limodzi.

Tiyambe ndi kufunsa chimene chiipitsa madzi m'ndowa. Ambiri aganiza kuti ndi masiku okha, monga momwe ndiwo zisasira zikagona. Koma madzi sali ngati ndiwo. Madzi abwino otsekeredwa m'chotengera choyera akhoza kukhala masiku ambiri osasanduka. Kunena zoona, kugona kumene kuli ndi ubwino wake wina: matope atsikira pansi, madzi nadikha, ndipo tizilombo ta likodzo timene tili m'madzi a kunyanja ndi a kudambo tifa tokha madziwo akakhala masiku awiri. Tsono si dzuwa lotuluka ndi kulowa limene liipitsa madzi ayi, koma zinthu zimene zilowamo pa masiku amenewo. Ndowa yosavundikira ndi nyumba yopanda chitseko, ndipo tsiku lililonse lionjezera alendo.

Alendowo tiwadziwa tonse. Fumbi la posesa ligweramo. Ntchentche imene yachokera kuchimbudzi itera pa mlomo wa ndowa. Nkhuku ikwera nimwa, galu apisamo mphuno usiku, khoswe ayenda pa mtanda wa denga pamwamba pake. Koma mlendo woopsa kopambana onse ndiye dzanja la munthu. Mayi asenza ndowa pa nkhata, zala zake zitagwira m'kati mwa mlomo wa ndowayo. Athyola masamba a m'mbali mwa njira nawaika pamwamba kuti madzi asatayikire poyenda. Kunyumba mwana abwera kuchokera kosewera, atenga kapu yopanda chogwirira, naimiza pamodzi ndi zala zake, namwa, naponyanso kapuyo momwemo. Wina atsata, winanso atsata. Pakutha masiku atatu, manja onse a pakhomopo asambamo m'madzi akumwa, ngakhale palibe amene anafuna kutero. Ndipo ngati mmodzi wa iwo ali ndi tizilombo ta kolera, ta kamwazi kapena ta taifodi, amene achoka m'thupi ndi chimbudzi, onse a m'nyumbamo agawana.

Zimenezi si zongoganizira. M'chaka cha 1990 kolera inagwa pakati pa abale athu a ku Mozambique amene anathawa nkhondo nakhala pa msasa wa Nyamithuthu, m'boma la Nsanje. Anthu 1,931 anadwala, ndipo 68 anamwalira. Ofufuza za matenda atayenda m'misasamo kufunsa odwala ndi osadwala, anapeza kuti nthendayo inagwira kwambiri anthu amene anamwa madzi a mumtsinje, ndiponso a m'nyumba zimene anthu anapisa manja m'madzi akumwa osungidwa. M'chaka cha 1993 ofufuza ena anabwerera ku msasa womwewo, nayesa madzi pa mjigo, napeza kuti potuluka pansi anali oyera pafupifupi kotheratu. Koma atalowa m'ndowa za anthu anadetsedwa msanga, makamaka ndi manja. Pamenepo anagawira mabanja ena ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro, ndi kamlomo kothirira, ndi chibowo chotungira chimene dzanja silikanalowa. M'ndowa zimenezo tizilombo ta m'chimbudzi tinachepa ndi magawo 69 pa 100 alionse, ndipo kutsekula m'mimba kwa ana osafika zaka zisanu kunachepa ndi magawo 31 pa 100. Onani bwino: mjigo unali womwewo, madzi anali omwewo, ndipo sanawathire mankhwala. Chimene chinasintha ndi chakuti dzanja linaletsedwa kulowa.

Inu a m'tauni musaganize kuti madzi a pa mpopi sagwidwa ndi zimenezi. Madzi a pa mpopi afika ali ndi klorini pang'ono, ndiye kafungo kamene mukamva potunga, ndipo klorini ameneyo ndiye mlonda wakupha tizilombo tolowa. Koma mlonda ameneyu sakhalitsa m'ndowa yapululu. Auluka ndi mpweya, ndipo kukatentha kapena ndowa ikakhala padzuwa auluka msanga koposa, kotero kuti pakutha tsiku limodzi kapena awiri watha. Kuyambira pamenepo madzi a pa mpopi alingana ndi madzi ena onse.

Ndipo maso sangatiuze zimene zachitika. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi akhoza kukhala mbee, ozizira, okoma pakhosi, koma ali ndi tizilombo tokwanira kugoneka nyumba yonse. Zilipo zizindikiro zina zimene zioneka: mukakhudza m'mbali mwa ndowa mupeza poterera, ndiko kumene tizilombo tamanga mudzi wawo, nthawi zina muona timphutsi ta udzudzu tikuvinavina pansi pa madzi. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, zinena zoona. Koma zikapanda kuoneka, kusaoneka kwake sikunena kanthu.

Tsopano tifike pa moto. Tizilombo todwalitsa m'mimba, tatikulu ndi tating'ono, ndi mazira a njoka za m'mimba omwe, ndi zamoyo, ndipo sizipirira kutentha kwa madzi owira. Ziyamba kufa madzi asanawire ndi kuwira komwe, ndipo pamene abwadamuka zatha. Chifukwa chake palibe chiwerengero cha masiku chimene munganene kuti apa moto walephera. Tizilombo ta tsiku lachisanu tifa monga momwe tifera ta tsiku loyamba. Tingakhale tachuluka chotani, moto suwerenga. Pa mbali imeneyi anthu amene akhulupirira moto anena zoona.

Koma kuwira ndi kuwira kulekana. Muika poto pamoto, ndipo pasanapite nthawi muona timathovu tating'ono tamamatira pansi ndi m'mbali, nthunzi iyamba kufuka, poto ayamba kulira. Amayi ambiri ofulumira aphula pamenepo, nati madzi awira. Iai, sanawire. Timathovu timeneto ndi mpweya chabe umene unali m'madzi, ndipo utuluka madzi akali ofunda. Kuwira kwenikweni ndiko kubwadamuka, pamene mathovu aakulu akwera kuchokera pansi, madzi onse nagubuduka, ndipo ngakhale mutakasa ndi chipande saleka. Popeza m'nyumba zathu mulibe choyesera kutentha, kubwadamuka ndicho chizindikiro chokha chimene sichinama. Akabwadamuka, asiyeni choncho mphindi imodzi yathunthu. Ngati mulibe wotchi, nenani Atate Athu kawiri mosafulumira, ndipo mphindi yakwana. Pa mapiri aatali kopitirira mamita 2,000, monga pa Nyika kapena pamwamba pa Mulanje, madzi abwadamuka asanatenthe kwambiri, tsono kumeneko ayenera mphindi zitatu. Kupitiriza kuwiritsa theka la ora sikuonjeza kanthu, kungotha nkhuni ndi madzi omwe.

Nanga chimene moto sungathe nchiyani? Ndicho kuchotsa zinthu zopanda moyo. Chinthu chosakhala ndi moyo sichingaphedwe. Mankhwala opopera thonje, fodya ndi tomato, feteleza, mankhwala a makoswe, utoto, dizilo, mchere, mtovu wochokera ku mabatire akale: zimenezi zikalowa m'madzi, kuwiritsa sikuzichotsa kuti madziwo akhale akumwa. Ndiponso zambiri mwa izo, monga feteleza, mchere ndi mtovu, zitsala zonse m'poto pamene madzi achepa ndi nthunzi, kotero kuti madzi owiritsawo akhala ndi ululu wochulukirapo m'kapu iliyonse kuposa poyamba. Madzi a feteleza ndi oopsa makamaka kwa makanda, pakuti aononga mphamvu ya magazi yonyamula mpweya. Ndiponso madzi a pa thamanda kapena dziwe pamene payandama ndere zobiriwira ngati utoto akhoza kukhala ndi ululu umene moto suugonjetsa. Chifukwa chake funso loyamba lofunsa pa ndowa iliyonse si lakuti madzi agona masiku angati, koma lakuti chotengera ichi chinasungapo chiyani, ndipo chinakhala pafupi ndi chiyani.

Ndifuna kukuonetsani zimenezi ndi nkhani ya pa banja la mwana wa mlongo wanga, kumene ndinakacheza m'dzinja lina. Mjigo wa m'mudzi mwawo unali utathyoka, ndipo potunga pena panali patali, ulendo wa ora lathunthu kupita kokha. Tsono Lolemba mwamuna wake anabwereka njinga, natunga zotengera zitatu za malita 20 chilichonse. Ine ndinafika Lachinayi madzulo. M'nyumbamo munali anthu asanu ndi mmodzi, womaliza ndi mwana wa miyezi isanu ndi inayi amene anali atayamba kudya phala. M'mudzi woyandikana nawo munamveka kuti ana akutsekula m'mimba, ndipo mayiyo anali ndi nkhawa, nandifunsa ngati awataye madzi otsalawo kapena awawiritse. Ndinati tiyeni tiwaone chotengera chimodzi chimodzi, pakuti yankho silikhala limodzi pa zonse.

Choyamba chinali ndowa yapululu, itakhala pansi pafupi ndi khomo, kapu ikuyandama m'kati. Ndimo anamwa onse masiku anayi amenewo, ndipo munatsala ngati malita asanu ndi atatu. Madzi anaoneka oyera, fungo analibe, koma m'mbali munali moterera. Ndinati amenewa ndiwo odetsedwa ndi manja koposa onse, ndipo osawiritsa asamwedwenso ndi munthu aliyense; koma popeza ndowayo sinasungepo kanthu kena koma madzi okha, moto uwakonza.

Chachiwiri chinali ndowa inanso yapululu, imene inakhala pakhonde osakhudzidwa, yodzaza. Munagwera udzu wa padenga ndi tizitsotso, pansi panali nsenga, ndipo timphutsi ta udzudzu tinayamba kuoneka. Mayiyo ananyansidwa nayo, nafuna kuikhuthula. Ndinamuletsa, ndinati timphutsi timeneti sitipatsa munthu malungo pakumwa, pakuti malungo abwera ndi kulumidwa ndi udzudzu wamkulu. Tingotiuza kuti madzi akhala poyera masiku angapo, ndi kuti tikawasiya sabata yathunthu tidzaweta udzudzu pakhonde pathu. Tikawasefa ndi kuwawiritsa, akhala abwino. Zikanakhala kuti tapezamo khoswe wakufa kapena chule woola, kapena madziwo anunkha chivundi, pamenepo ndikanati atayidwe, ndi ndowa itsukidwe ndi sopo.

Chachitatu chinali chigubu cha kukamwa kwakung'ono, chotsekedwa bwino ndi chitsekero chake, ndipo mayiyo anachisunga padera nati amenewa ndiwo a mwana, popeza palibe chinagweramo. Kuganiza kwake kunali kolungama, pakuti chigubu chotseka chiposa ndowa kutalitali. Koma nditatsekula ndi kununkhiza ndinamva kafungo kachilendo, kosakhala ka madzi. Titafunsa, mwamunayo anafotokoza kuti chigubucho anachibwereka kwa mnzake wa kudimba tsiku lotungalo, ndipo mnzakeyo ndimo anasungunuliramo mankhwala opopera tomato. Anati anachitsukuluza katatu asanatungire. Ndinamuuza kuti pulasitiki imwa mankhwala otere, niwabwezera m'madzi pang'onopang'ono, ndipo kutsukuluza sikuwatha. Ngakhale fungo likanapanda kumveka, mbiri ya chigubuyo yokha inali yokwanira kuchikana. Madzi amenewo sitinawawiritse, sitinaphikire, sitinasambitsire mwana. Tinakawathira m'dzenje kutali ndi chitsime ndi kumene ziweto zimwa, ndipo chigubu chinabwerera kudimba ndi mawu akuti chisatungirenso madzi akumwa. Mwa chisomo cha Mulungu chinali chisanatsekulidwe chitungire. Onani tsono: chotengera chooneka bwino koposa ndicho chokha chimene moto sukanachithandiza, ndipo ziwiri zonyansa m'maso ndizo zinapulumuka.

Tinatsala ndi malita 28, ndipo tinawerenga zosowa za tsiku limodzi. Anthu asanu, akulu ndi ana okulirapo, pa malita awiri aliyense, ndiwo malita 10. Tinaonjeza lita imodzi ya mwana wakhanda, yakumwa ndi yotsukira kapu ndi supuni yake, ndi inanso imodzi ya mlendo wodutsa. Onse pamodzi malita 12. Sitinawiritse onse 28 ayi, pakuti madzi ophikira nsima, phala, ndiwo ndi tiyi awira okha pophikapo, ndipo kuwawiritsa kawiri ndiko kutaya nkhuni. Ofunika kuwiritsa ndi okhawo amene alowa m'kamwa osapita pamoto: akumwa, omwera mankhwala, osungunulira zakumwa za ana, otsukira zipatso ndi tomato wodya wosaphika.

Ntchito yake inayenda motere. Tinasamba m'manja ndi sopo. Tinatenga chitenje chochapa bwino, chouma padzuwa, ndi kuchipinda kanayi, ndi kuchimanga pakamwa pa poto. Kenaka tinapendeketsa ndowa pang'onopang'ono kuti nsenga zisavunduke, ndi kusiya zapansizo zikhale zothirira mbewu. Nsalu igwira zitsotso, timphutsi ndi matope, koma tizilombo tosaoneka tipyola; tsono kusefa ndi kukonzekera chabe, sikulowa m'malo mwa moto. Pakhomopo panali poto wamkulu wolowa malita asanu ndi limodzi, wina wa malita anayi, ndi ketulo ya malita awiri, ndipo zitatuzi zinakwanira malita 12 aja. Mayiyo ataphula nsima ya madzulo, moto ukali ndi mphamvu pa mafuwa, tinateleka chimodzi chimodzi, chilichonse chili chovundikira. Chivundikiro chifulumizitsa kuwira, chisunga nkhuni, ndiponso chiletsa utsi ndi phulusa kulowa m'madzi. Chilichonse chitabwadamuka mphindi yake imodzi, tinachiphula ndi kuchiika pa thandala pamwamba, pamene mwana wokwawa sangafike, pakuti madzi otentha atentha ana ambiri m'makhitchini mwathu, ndipo sikuyenera kupulumutsa mwana ku nthenda imodzi ndi kumponya m'tsoka lina.

Apa ndipo pali mawu achitatu aja, amene aiwalika koposa onse. Moto upha tizilombo tili m'madzi pa nthawi yowirayo, koma susiyamo mlonda. Madzi owiritsa atazizira ali ngati munda wolimidwa kumene: chilichonse chogweramo chipeza malo. Mukawabwezera m'ndowa yoterera ija, ndi kuponyamo kapu yomwe ija, nkhuni zanu zapita pachabe, ndipo mwina choipa chikula, pakuti tsopano mumwetsa khanda mtima uli m'malo, poganiza kuti madzi ndi owiritsa. Ndaonanso ena amene, pofuna kuti madzi azizire msanga, athiramo ozizira a m'ndowa. Kapu imodzi ya madzi osawiritsa ibwezera poto yense pamene anali poyamba. Ena awapungulira m'beseni lalikulu kuti apite mphepo, ndipo fumbi ndi ntchentche zibwerera. Njira yabwino ndiyo kuwasiya azizire m'chophikira chomwecho, chivundikiro chili pomwepo, pakuti m'kati mwa poto amene wangowira ndimo moyera koposa m'nyumba monse. Ndicho chifukwa chake kuwiritsa madzulo kupambana: usiku uwaziziritsa popanda munthu kuwakhudza.

M'mawa mwake tinatenga chigubu china cha pakhomopo, chimene chinabwera ndi mafuta ophikira ndipo sichinasungepo mankhwala. Tinachitsuka ndi sopo mwamphamvu, ndi kuchitsukuluza komaliza ndi madzi owiritsa pang'ono, osati a m'ndowa. Tinathiramo madzi ozizira aja popanda dzanja kuwakhudza, ndi kutseka, ndi kuchiika pa mpando. Lamulo la pakhomopo linakhala limodzi: wofuna kumwa apendeketse chigubu, athire m'kapu yake, palibe chomiza. Kumene kulibe chigubu, mtsuko wa kukamwa kwakung'ono wokhala ndi mbale yovundikira ugwira ntchito yomweyo, ndipo uziziritsa madzi bwino. Koma pakhale chikho cha mpini wautali chotungira, chopachikidwa pamwamba, chimene munthu samwera, ndipo atunge akulu okha. Madzi owiritsa athe tsiku lomwelo ndi usiku wake. Otsala akhale ophikira, chigubu chitsukidwe, ndipo madzulo muwiritse ena. Ndowa ziwiri zija tinazikwecha ndi sopo mpaka kuterera kutatha, ndi kuziyanika padzuwa chozondoka, ndipo tsopano zili ndi zivundikiro.

Ana a pakhomopo anadandaula kuti madzi owiritsa sakoma, ndipo sananame. Kuwira kutulutsa mpweya umene upatsa madzi kukoma kwake, madzi nakhala ozizira m'kamwa ngati opanda moyo. Mankhwala ake ndi apafupi: musadzaze chigubu mpaka pakamwa, chitsekeni, ndi kuchikhutchumula kangapo, ndipo mpweya ubwerera. Muyenera kusamala za kukoma kumeneku, pakuti mwana amene anyansidwa ndi madzi owiritsa apita mobisa ku ndowa. Ndipo mukaona zoyera ngati laimu zitamamatira pansi pa poto kapena ketulo, musaope; ndi miyala yosungunuka imene ili m'madzi a mijigo yambiri, ndipo sidwalitsa.

Ndidziwa kuti ena a inu muwerenga zimenezi muli kuganiza za nkhuni ndi makala, ndipo muli ndi chifukwa, pakuti kuwiritsa malita 12 tsiku ndi tsiku si kanthu kakang'ono pa banja losauka, ndi mitengo yatha m'mapiri mwathu. Nkhuni zikachepa, yambani ndi ofooka: mwana woyamba kudya, mayi wapakati, nkhalamba, ndi wodwala. Khanda losafika miyezi isanu ndi umodzi lisamwe madzi konse, owiritsa kapena osawiritsa. Bere la mayi wake likwanira. Kwa otsalawo ilipo njira ya klorini, amene agulitsidwa m'mabotolo ang'ono, ndiponso alangizi a zaumoyo agawa m'midzi pa nthawi ya kolera. Thirani muyeso umene walembedwa pa botolo kapena umene mlangizi wanena, osachepetsa, osaonjeza, vundikirani, ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Klorini apambana moto pa chinthu chimodzi, chakuti atsala m'madzi ndi kuwalonda kanthawi. Koma achepa mphamvu m'madzi amatope, tsono muyambe mwawadikhitsa ndi kuwasefa, ndiponso tilipo tizilombo tina tolimba khungu timene klorini satigonjetsa koma moto utipha. Pa madzi ogona masiku ambiri poyera, oti amwe mwana wamng'ono, ine ndisankha moto. Ndipo klorini, monga moto womwe, alibe mphamvu pa mankhwala a kumunda.

Mawu amodzi otsiriza pa za nthenda. Munthu akayamba kutsekula m'mimba, musamumane madzi poopa kuti ndiwo amudwalitsa, pakuti chimene chipha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, mumwetseni pang'onopang'ono kosalekeza, ndipo otsala pakutha tsiku ndi usiku atayeni, mupange ena. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena chamagazi, kapena mwana akalowa maso ndi kulefuka, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala, muli kumumwetsa pa njira. Kolera imene inayamba m'chaka cha 2022 ndi kupitirira mu 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo nthendayi ikhoza kutha munthu wamphamvu tsiku limodzi lisanathe.

Tsono, abale anga, mukaima pa ndowa ya madzi ogona, funsani mafunso atatu motsatana. Kodi chotengerachi chinasungapo mankhwala, mafuta a galimoto kapena feteleza, kapena madziwa anunkha zachilendo? Ngati ndi choncho, moto ulibe nawo ntchito, atayeni. Ngati si choncho, kodi abwadamuka ndithu mphindi yathunthu? Ndipo atazizira, kodi alowa m'chotengera chimene dzanja silingalowemo? Mwambo wathu ndi wakuti mlendo akafika timpatsa madzi tisanamfunse za ulendo, ndipo iye alandira ndi manja awiri, namwa osafunsa kumene achokera. Mwana wathu amwanso chimodzimodzi, mokhulupirira. Popeza iwo safunsa, tiyenera kufunsa ndife amene tisunga ndowa.

Ambuye akusungeni inu nonse ndi ana anu m'dzinja lino.